Khoma latupa pakati koma levulo ikuti lili bwino, vuto lili pati?

WaThonje_Ngabu
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndikumangitsa nyumba ya zipinda zitatu kuno kwa Ngabu, ya mabuloko a simenti aja a masentimita 40 mulitali, 20 msinkhu, 15 kunenepa. Khoma lakumbuyo ndi la mamita 9 ndipo lafika mzere wa 6 kuchokera pa silabu. Dzulo madzulo ndinaima pakona n'kuyang'ana motsata khomalo. Pakati latulukira kunja, ndipo pamwamba pake pakuoneka kuti patsika chapakati pomwepo. China n'chakuti pansi pa pomwe payambire windo, majoini a mizere itatu angotsala pang'ono kuyang'anizana. Amisiri anga akuti ndisade nkhawa, buloko iliyonse amaiika levulo, zotsalazo pulasitala adzakwirira. Anatengadi levulo yawo n'kuika pa mabuloko angapo ine ndikuona, kathovu kali pakati. Ndiye ndikhulupirire maso anga kapena levulo? Ndalama zake ndi za thonje ndi chitowe, sindingazipezenso chaka chino.

Kabaza_Dyeratu
Achimwene imitsani ntchito lero lomwe. Mmisiri akangoyamba kutchula pulasitala khoma lisanafike pa lintala, dziwani kuti iye waliona kale vutolo.

TsidyaLija
Mabulokowo anaumba angati pa thumba limodzi la simenti? Masiku ano anthu akuchulutsa mchenga, khoma silingalimbe. Ine kuno kwa Livunzu ndimaumbitsa ndekha ndili pomwepo.

Kabaza_Dyeratu
@TsidyaLija werenganinso bwino, sakunena kuti mabuloko akunyenyeka. Akuti khoma lapindika.

MadalaChipande
A WaThonje, maso anu akunena zoona, ndipo levulonso mwina ikunena zoona. Levulo yawo ndi yaitali bwanji? Ngati ndi ija ya masentimita 60, imangodziwa za buloko imodzi ndi theka yomwe yakhalapo. Za khoma la mamita 9 siingadziwe. Mutha kuika mabuloko 22 mumzere, iliyonse kathovu kali pakati, koma iliyonse yatsikako pang'ono kapena yasunthirako kunja poyerekeza ndi inzake. Levulo ndi ya pakona. Pakati pa makona awiri chimalamula ndi chingwe.

Musanakangane ndi amisiriwo, kayezeni zinthu zitatu mawa m'mawa dzuwa lisanakwere.

Choyamba levulo yomweyo. Iikeni chogona pa buloko, onani pomwe kathovu kaima, lembani ndi pensulo pomwe levulo yakhala, kenako itembenuzeni kuti mbali inali kumanja ipite kumanzere, pamalo omwewo. Kathovu kayenera kuima pomwe kanaima poyamba. Muchitenso chimodzimodzi choimirira: gundikani levulo kukhoma, werengani, itembenuzeni kuti mbali inali kunja igunde khoma, werenganinso.

Chachiwiri, dulani timatabwa tiwiri tofanana tonenepa masentimita 3. Kamodzi mukagundike pakona iyi, kena pakona inayo, kunja kwa khoma, n'kukoka chingwe cha nayiloni chopyapyala pamwamba pa timatabwato mpaka chilire mukachikhudza. Yezani ndi tepi kuchokera pachingwe kufika pakhoma, pakati penipeni. Muchite pa mizere itatu ya mabuloko: kosi yoyamba, yachitatu ndi ya 6.

Chachitatu, pezani payipi yoonekera mkati ija, mudzaze madzi. Lembani chizindikiro pa mita imodzi kuchokera pa silabu pakona imodzi, musamutse chizindikirocho ndi madzi kupita pakona inayo ndi pakati. Kenako yezani kuchokera pa chizindikiro chilichonse kufika pamwamba pa kosi ya 6. Mubwere ndi manambala, tikambirane zooneka.

WaThonje_Ngabu
Zikomo madala. Levulo yawo ndi ya 60 yomweyo. Payipi ndikabwereka kwa mnzanga wa mipope.

Dakaboyi77
Payipiyo muchotsemo mpweya wonse musanayambe, ikakhala ndi tithovu mkati imanama. Ndipo musalole kuti theka likhale padzuwa theka pamthunzi, madzi otentha ndi ozizira sakhala pamulingo umodzi. Musanayambe gundanitsani mapeto awiriwo pamodzi muone ngati madzi afanana.

MkuluWaMpingo_Marka
Ine levulo sindiikhulupirira konse. Bambo anga ankamanga ndi chingwe chomangirira chitsulo kumapeto, makoma awo alipo mpaka lero. Chitsulo cholendewera sichingawonongeke ngakhale chigwe kangati. Levulo zapamsikazi ikangogwa pansi kamodzi yatha.

MadalaChipande
Akulu ampingo, pa kuimirira kwa khoma mukunena zoona, pulamu yolendewera siinama, ndipo ine kona ikadutsa pa windo ndimaitsimikizira ndi pulamu. Koma pulamu singakuuzeni ngati kosi yagona mofanana. Komanso kuno kuchigwa mphepo ikayamba masana chingwe chake chimangovina, mumadikira mpaka kutopa. Zida ziwirizi zimafunana.

MayiAkuBangula
Bambo WaThonje, za majoinizo musazitenge mopepuka. Kwathu mpanda wa mabuloko unagwa nthawi ya Freddy mu 2023, madzi asanafike n'komwe m'mawondo. Titapita kukaona, unang'ambika mowongoka kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndendende pomwe amisiri analumikiza ntchito ya tsiku lina ndi ya tsiku linzake. Majoini a pamenepo anali atayang'anizana mizere inayi. Mabuloko ambiri tinawatola athunthu osasweka, kusonyeza kuti vuto silinali mabuloko. Mbali ina ya mpanda womwewo, yomwe inamangidwa mopingasa bwino, ilipobe.

TsidyaLija
Mayi, Freddy anagwetsa ndi milatho yomwe. Mpandawo ukanagwabe.

MayiAkuBangula
Nanga mbali inayo inatsala bwanji, madzi ake anali omwewo?

Nyakwawa_wa_Tengani
Nkhani ya madziyi ndi yomwe ikufunika kwa ife akuno. Mutha kuwongola khoma ngati mzere wa m'kope, koma ngati maziko ali pansi, madzi a Shire akabwera alowa basi. Chiyambire 2015 ine ndimauza aliyense kuti akweze maziko kufika m'chiuno ngati malo ake ndi otsika. A WaThonje, silabu yanu yakwera bwanji?

WaThonje_Ngabu
Mizere itatu kuchokera pa dothi, mfumu. Malo anga ndi okwera, kumtunda kwa msewu wa M1. Chomwe chimavuta kuno ndi dothi la makande, chilimwe limang'ambika mpaka kulowetsa dzanja.

Nyakwawa_wa_Tengani
Makande ndiye ovuta kuposa madzi. Amakoka nyumba chilimwe, dzinja n'kuikankha.

WaThonje_Ngabu
Ndabwerako. Amisiri anandithandiza okha kugwira payipi, sanakane.

Levulo chogona ili bwino, mbali zonse kathovu kakuima pamodzimodzi. Choimirira ayi: mbali imodzi kali pakati, nditatembenuza kakugunda kamzere.

Chingwe cha pa timatabwa ta masentimita 3: kosi yoyamba pakati ndapeza 2.8, yachitatu 2.0, ya 6 ndapeza 0.8.

Kuchokera pa chizindikiro cha madzi kufika pamwamba: kona yoyamba 26, kona inayo 27, pakati 24.

Ndinaonanso chingwe chomwe amamangira. Ndi chokhuthala, chakale, cholumikiza mfundo pawiri, ndipo amachimangirira pa misomali yokhoma m'majoini a pakona.

MadalaChipande
Mwagwira ntchito yabwino. Manambalawa akufotokoza okha nkhani yonse.

Tiyambe ndi mimbayo. Kosi yoyamba inatuluka mamilimita 2 okha, palibe vuto pamenepo. Yachitatu yatuluka sentimita imodzi, ya 6 yatuluka masentimita 2.2. Ikanakhala nkhani ya maziko okhota, bwenzi kosi yoyamba itatuluka mofanana ndi zinazo. Apa mimba ikukula kosi ndi kosi, ndipo chimachititsa zimenezo ndi buloko kugunda chingwe. Mmisiri akaika buloko n'kukhudza chingwe, chingwecho chimasunthira kunja pang'ono. Buloko yotsatira amaitsatiza chingwe chosunthacho, nayonso n'kuchikankha. Kumakona chingwe n'chomangika ndiye sichisuntha, koma pakati chimalola mosavuta. Pa kosi yotsatira dzanja limatsata buloko yapansi yomwe yatuluka kale, n'kuwonjezeraponso. Mamilimita anayi pa kosi iliyonse saoneka, koma pofika pa lintala mukanapeza masentimita anayi kapena asanu.

N'chifukwa chake buloko siyenera kukhudza chingwe. Pakati pa chingwe ndi mphepete yapamwamba ya buloko pazitsala kampata kongokwana msonga ya chipande, kuwala kuzioneka. Mmisiri akamaliza kuika buloko aziwerama n'kuyang'ana kampatako. Matope akagwera pachingwe achotsedwe nthawi yomweyo chifukwa amachilemeretsa.

Tsopano kutsika kwa pakati. Makona ali pa 26 ndi 27, ndiye pakati pamayenera kukhala 26.5, koma mwapeza 24. Patsika masentimita awiri ndi theka. Chingwe chilichonse chikakokedwa mamita 9 chimagwa pakati chifukwa cha kulemera kwake, ndipo chokhuthala chamfundo ngati chawocho chimagwa kwambiri. Kukoka kokha sikuthetsa, misomali imangozuka m'majoini osauma. Mankhwala ake ndi kuchichirikiza pakati. Pa kosi iliyonse, musanayambe kudzaza, ikani buloko imodzi pakati pa khoma, pamalo ake enieni a bondi, pomwe majoini ake apingasane ndi a kosi yapansi, muikhazike pamsinkhu woyenera ndi kuiimika ndi levulo. Pindani kapepala ka thumba la simenti, chingwe chilowe mkati mwa mpindowo, kapepalako kagone pamwamba pa buloko n'kukapsinja ndi kachidutswa. Mukatero muime pakona, diso pachingwe, muone ngati chawongoka kuyambira uku mpaka uko. Mamita 9 asanduka 4.5 kawiri, ndipo chingwe sichigwanso kapena kutengeka ndi mphepo.

Kusiyana kwa makona kwa sentimita imodzi kukusonyeza kuti alibe ndodo yoyezera makosi. Tengani thabwa lowongoka, mulembe mizere yotalikirana masentimita 21, kutanthauza buloko 20 ndi joini imodzi. Makosi 6 ndi 126. Kona iliyonse iziyezedwa ndi ndodo yomweyo, kuchokera pa chizindikiro cha madzi chija osati pa silabu, chifukwa silabu imakhala ndi zitunda zake.

Levulo yawo asiye kuimikira makona mpaka apeze ina. Pakali pano yezani makona onse anayi ndi chingwe cholendewera ngati momwe anenera akulu ampingo.

MkuluWaMpingo_Marka
Mwaona, tabwerera ku chitsulo cha bambo anga.

Wophunzira_Zomanga
Madala, ndifunse nawo. Ife kusukulu amatiuza kuti buloko iliyonse tiziiyeza ndi levulo. Ndiye mukuti n'kulakwa?

MadalaChipande
Mukamanga kachikhoma ka mabuloko anayi kophunzirira, zonse ndi kona, ndiye levulo ili ponseponse. Pakhoma lalitali, ukaika levulo pa buloko iliyonse umayamba kuigogoda kuti isangalatse levulo, n'kuichotsa pachingwe. Pamwamba pa mabuloko oumba pamanja sipakhala posalala, kamwala kamodzi kotuluka kamasuntha kathovu. Pakati pa khoma, mphepete yapamwamba ya buloko itsate chingwe, yapansi ifanane ndi buloko yapansi pake. Ukatero yaima yokha. Levulo uziigoneka mopingasa khoma apo ndi apo kuti buloko isapendamire mkati kapena kunja, n'kumayeza kuimirira pamalo angapo makosi awiri kapena atatu akakwera.

Dakaboyi77
China chomwe ndimaona ine pogwira ntchito ndi amisiri osiyanasiyana: chingwe chizikhala mbali imodzi kuyambira pansi mpaka pamwamba. Mabuloko a m'zikombole zathuzi ena 15, ena 14.5, ena pafupifupi 16. Simungawongole mbali zonse ziwiri. Wina akatopa ndi dzuwa amasamutsira chingwe mbali ya mthunzi, khoma n'kukhala ndi masitepe.

WaThonje_Ngabu
Nanga majoini a pansi pa windo aja? Ndayeza, atatu onse akusiyana ndi masentimita 3 kapena 4 basi.

MadalaChipande
Amenewo ndiye akundidetsa nkhawa kuposa mimba, makamaka mwanena za makande. Dothi likasuntha, mng'alu umayambira pakona ya windo chifukwa ndi pomwe khoma lili lofooka. Majoini akapingasana, mng'alu umakumana ndi buloko yathunthu n'kuvutika kudutsa, ndiponso kulemera kwa pamwamba kumagawikana kupita m'mbali. Akayang'anizana mwautsegulira njira nokha. Chabwino ndi buloko kukwera inzake ndi theka, masentimita 20. Zikavuta, isachepere kota, masentimita 10. Pa 3 kapena 4 palibe bondi.

Chiyambi chake n'chakuti sanayale mabuloko pouma asanayambe. Kosi yoyamba imayenera kuyalidwa yonse popanda matope, kusiya kampata ka chala pakati, zitseko ndi mawindo zitalembedwa kale pa silabu. Pamenepo umaona pomwe padzafunike kudula, ndipo chodulacho umachisankhira malo amodzi, makosi onse n'kumatsata. Windo likagwera poipa umalisuntha masentimita ochepa mpaka m'mbali mwake muzitha buloko yathunthu, hafu, yathunthu, hafu. Iwowa amangoyamba kumakona onse awiri n'kukakumana pomwe akumanirana, mpata wotsala n'kutsekapo ndi chidutswa chomwe chili pafupi. Kosi iliyonse chidutswa china, bondi n'kumasowa pang'onopang'ono.

Pakonanso pali kanthu kena ndi mabuloko a 15. Kosi ina imayamba ndi buloko yathunthu ya 40, yotsatira imayamba ndi mutu wa buloko ya khoma linalo, womwe ndi 15. Hafu ya 40 si 15, ndiye majoini sagwera pakati. Ine buloko ya pakona ndimaidula kukhala 35, mbali yodulayo kuyang'ana mkati mwa mzere n'kuidzaza matope. Joini yoyamba imagwera pa 35, ya kosi yapamwamba pa 15, kusiyana 20, ndipo khoma lonse limayenda hafu ndi hafu.

Foromani_Nchalo
Apa madala sindikugwirizana nanu. Mukapanda kudula, joini ina ili pa 40, ina pa 15, yotsatira pa 56. Kukwerana kochepetsetsa ndi masentimita 16, kuposa kota yomwe mwanena nokha. Ndamanga nyumba zambiri choncho kuno ku Nchalo, palibe yang'ambika pakona. Kudula buloko iliyonse ya pakona ndi kutha madisiki a girayinda, komanso buloko yamabowo ukaidula 5 umaichotsa khoma lake lakumapeto, imafooka.

MadalaChipande
Pa kulimba 16 ndi wokwanira, sindikutsutsa. Vuto limabwera mukafika pa chitseko kapena windo, chifukwa hafu siikwananso, pamafunika zidutswa za 25 ndi 15, ndipo mmisiri wothamanga amangotola chilichonse. Komanso ngati mukufuna kuthira konkire ndi chitsulo m'mabowo, mabowo amayang'anizana bwino pa hafu bondi.

Foromani_Nchalo
Zidutswa za 25 ndi 15 zimatuluka mu buloko imodzi, palibe chotayika. Nkhani ndi kuzidula m'mawa ntchito isanayambe, zikhale pamulu wake. Aliyense amange momwe anazolowera, bola asatsike pa 10.

Kabaza_Dyeratu
Inu akuluakulu, mwiniwake akufuna adziwe chimodzi: agwetse kapena asagwetse?

TsidyaLija
Asagwetse. Masentimita awiri pulasitala amadya bwinobwino. Simenti yakwera mtengo, mukufuna munthu alire?

MadalaChipande
Tiwerengere limodzi. Khomalo likatha ndi mamita 9 mulitali, pafupifupi 2.7 msinkhu, ndiye masikweya mita ngati 24. Pulasitala wabwino amanenepa sentimita imodzi ndi theka kapena kucheperapo. Kuti mubise mimba, kunja muyenera kunenepetsa kumakona, mkati muyenera kudzaza pakati pomwe palowa. Tingoti mwawonjezera sentimita imodzi ponseponse: amenewo ndi malita 240 a matope mbali imodzi, pafupifupi thumba limodzi ndi theka mukasakaniza 1 kwa 5. Mbali ziwiri matumba atatu. Ndipo pulasitala wonenepa kuposa masentimita awiri woponya kamodzi, ndi kutentha kwa kwa Ngabu, amang'ambika n'kumveka phwaphwa mukagogoda. Bondi ya pansi pa windo ndiye pulasitala sangaikonze ngakhale anenepe bwanji.

Sindikunena kugwetsa khoma lonse. Kosi yoyamba ndi yachiwiri zisiyeni. Makona ngati pulamu yawavomereza asiyeni. Chotsani pakati kuyambira kosi yachitatu kukwera, mosiya masitepe mbali zonse ziwiri, kuti buloko zatsopano zidzakhale pamwamba pa zakale. Musasiye mano oti muzidzalowetsa buloko m'kati, chifukwa joini yapamwamba ya dzino sidzaza matope, ndi zija anena mayi a ku Bangula. Ndi mabuloko ngati 60, ndipo ngati matope ake ndi a sabata ino, ambiri achoka athunthu mukamenya tchizulo mu joini, n'kuwapala. Kutsika komwe kwatsala pa kosi yachiwiri mukubweze pang'onopang'ono, mamilimita atatu kapena anayi pa kosi, osati joini imodzi yonenepa ngati chigumu. Pomanganso muike waya wa burikifosi, makamaka pa kosi ya pansi pa windo, upitirire mbali zonse ziwiri za windolo.

Foromani_Nchalo
Pa izi ndiye tili limodzi. Ine mwina ndikanayambira kosi yachinayi, sentimita imodzi ya pa kosi yachitatu imabwezeka. Koma ngati majoini oipawo ayambira pa yachitatu, ichoke.

WaThonje_Ngabu
Ayambira pa yachitatu mpaka yachisanu.

Foromani_Nchalo
Ndiye ichoke basi.

Dakaboyi77
Pomanganso muwauze aziyamba 5 koloko m'mawa. Mwezi wa Okutobala uno kutentha kumadutsa madigiri 40, matope ukayala mzere wautali amauma buloko isanafike. Ndiye mmisiri amaigogoda mwamphamvu kuti itsike pachingwe, siitsika, kapena imatsika mbali imodzi. Ine ndimakanda theka la thumba basi, likatha n'kukandanso, ndipo mulu ndimaufunditsa thumba lonyowa. Aziyala matope a mabuloko awiri okha. Ndipo buloko ikakhala kanthawi musaisunthenso, imaoneka ngati yagwira koma yalekana kale ndi matope. Ichotseni, palani, ikani atsopano. Mabulokonso muziwanyowetsa.

Wophunzira_Zomanga
Ife anatiuza kuti zonyowetsa ndi njerwa zootcha. Buloko ya simenti ikamangidwa yonyowa imadzafota pouma n'kung'amba majoini.

Dakaboyi77
Bwerani mudzaigwire buloko yomwe yakhala padzuwa pa Bangula 1 koloko masana, mudzanene zimenezo. Imamwa madzi onse a m'matope nthawi yomweyo.

MadalaChipande
Nonse muli ndi mbali. Kuviika mu diramu ayi, mwanayu akunena zoona. Kuwaza pang'ono pamwamba kuti fumbi lichoke ndi kuziziritsa, ine ndimachita nyengo ino. Koma choposa ndi kuunjika mabuloko pamthunzi kapena kuwafunditsa udzu. Levulonso musaisiye padzuwa, madzi a mkati akatentha kathovu kamachepa, ndiye kamakhala ndi malo ambiri pakati pa timizere tiwiri tija ndipo kuwerenga kumavuta.

MayiAkuBangula
Nanga madzi a mjigo wathu amchere aja, ndi omwe amatulutsa zoyera pakhoma? Nyumba ya mchemwali wanga yayera m'munsi monse.

Foromani_Nchalo
Akhoza kukhala madziwo, ukhozanso kukhala mchere wa m'dothi ukukwera ndi chinyezi ngati sanaike pepala lakuda pansi pa kosi yoyamba. Mayi muyambitse mutu wake pawokha, ndi nkhani yaitali, ndipo anthu ambiri a kuno ikuwakhudza.

TsidyaLija
Ine ndikuonabe kuti mukumuvutitsa mmisiriyo. Nyumba zingati m'midzimu zili ndi mimba koma anthu akugonamo?

Kabaza_Dyeratu
Akugonamo, koma kaoneni momwe bimu ndi malata zinakhalira pamwamba pake.

WaThonje_Ngabu
Ndakhala nawo pansi amisiri, ndawaonetsa manambala. Sanakwiye, angoti chingwe chabwino chinawadukira pantchito ina ndipo za levuloyo samadziwa. Makona tayeza ndi chingwe cholendewera: atatu ali bwino, imodzi yapendamira kunja mamilimita 4 pa makosi 6 onse. Tagwirizana kuti achotsa pakati kuyambira kosi yachitatu, ine ndigula chingwe chatsopano ndi thumba limodzi la simenti, iwo sawerengera tsiku logwetsalo. Windo tikulisuntha masentimita 6 kuti lithere pa hafu. Funso latsala ndi la kona yopendamayo: tiigwetse nayonso, kapena tiibweze pokwera?

Foromani_Nchalo
Mamilimita 4 ibwezeni pokwera, milimita imodzi pa kosi, palibe adzaone.

MadalaChipande
Ibwezeni, koma muyambe mwaona kuti kona imeneyo yapendamira mbali iti. Ngati yapendamira mbali ya khoma lakumbuyo lomweli, chingwe chanu chatsopano chidzayambira pamalo olakwika ndi mamilimita 4 amenewo, ndipo manambala a mimba aja asinthako pang'ono. Zikatero imikani thabwa lowongoka pakonapo, muliimike ndi pulamu, mulichirikize, chingwe muzimangirira pa thabwalo mpaka kona itabwerera. Ndi mbali iti?

WaThonje_Ngabu
Sindinalembe mbali yake. Ndikayezanso mawa m'mawa asanayambe kugwetsa.